Kulemba pempho ku komiti ya kafukufuku pofuna kucheza ndi othawa kwawo za zoopsa zomwe anadutsamo

Komiti yoona za chitetezo cha anthu pa kafukufuku ikalandira pempho lofuna kucheza ndi othawa kwawo za nkhondo, kuzunzidwa kapena kugwiriridwa, wowerenga wodziwa ntchito amathamangira malo awiri. Amafuna kuona zomwe mudzachite munthu akadzasweka mtima muli pakati pocheza, komanso amene adzadziwe zomwe munthuyo wanena. Mapempho ambiri amabwezedwa chifukwa pamalo awiriwa pangolembedwa kuti "tidzamutumiza kwa alangizi" ndi "tidzasunga chinsinsi". Komiti imafuna kudziwa kuti mlangiziyo ndi uti, amapezeka masiku ati, ndani adzaperekeze munthuyo, ndipo mawu ojambulidwawo adzagona kuti usiku wa tsiku loyamba.

Kuti zimveke bwino, tiyenda ndi chitsanzo chimodzi chongopeka: wofufuza mmodzi ndi womasulira mmodzi akufuna kucheza ndi anthu 24 a zaka 18 kupita m'tsogolo, okhala mumsasa wa othawa kwawo. Aliyense adzacheza naye kawiri, mphindi 60 mpaka 90 ulendo uliwonse, pofuna kumvetsa mmene anthu omwe anataya abale kunkhondo amapezera thandizo.

Gawo 1: Pezani thandizo musanalembe chilichonse

Malangizo omwe bungwe la WHO linatulutsa mu 2007 okhudza kafukufuku wa nkhanza zogonana m'malo a nkhondo ndi ngozi amanena kuti chithandizo cha opulumuka chiyenera kukhalapo pamalopo ntchito yofunsa anthu isanayambe. Makomiti ambiri amagwiritsa ntchito mfundo yomweyi pa kafukufuku aliyense wokhudza zoopsa. Choncho ntchito yoyamba ndi yoyenda, osati yolemba.

Pitani kwa omwe amapereka chithandizo cha zamaganizo mumsasamo kapena pafupi, mukafunse zinthu zenizeni. Amatsegula masiku ati, nthawi yanji? Munthu watsopano amadikira masiku angati asanaonedwe? Pali mlangizi wolankhula chinenero cha anthu omwe mudzacheze nawo, kapena nawonso amadalira womasulira? Mayi akafuna mlangizi wamkazi angamupeze? Nanga usiku ndi kumapeto kwa sabata, munthu akafuna kudzipha amapita kuti, ndipo galimoto imachokera kuti? Mukamaliza, pemphani kalata yosainidwa yonena kuti avomera kulandira anthu ochokera ku kafukufuku wanu, ndipo kalatayo muyiphatikize ku pempho.

Mayankho amenewa ndi omwe amakonza ndandanda yanu. Ngati mlangizi amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi basi, lembani kuti kucheza kudzachitika m'mawa wa masiku awiriwo, ndipo sikudzachitika Lachisanu madzulo pomwe munthu wovutika angakhale masiku atatu opanda womuona. Ngati thandizo kulibiretu, pali njira ziwiri zokha: kuika mlangizi wanuwanu pa bajeti, kapena kusintha funso la kafukufuku kuti lisafike pa zoopsazo. Kupatsa munthu pepala la manambala a foni omwe simunawayimbepo n'kumunamiza.

Gawo 2: Dulani mafunso

Tengani mndandanda wa mafunso anu, ndipo pa funso lililonse mudzifunse ngati cholinga cha kafukufuku chingalephereke popanda funsolo. M'chitsanzo chathu cholinga ndi mmene anthu amapezera thandizo, ndiye palibe chifukwa chofunsira kuti m'bale wawo anaphedwa bwanji. Funso loti "Mutataya m'bale wanu, ndani anakuthandizani?" limasiya khomo lotsegula, ndipo wofuna kufotokoza za imfayo adzafotokoza yekha mpaka pomwe akufuna.

Sanjani mafunso kuti ayambe ndi za moyo wa lero, zolemera zibwere pakati, ndipo mphindi 10 kapena 15 zomaliza zibwerere ku zomwe zimamulimbitsa munthuyo: ana ake, ntchito ya manja ake, zomwe achite akachoka pano. Munthu asatuluke m'chipinda nkhani yomaliza ili ya maliro.

Pali mafunso ena omwe tikulangiza kuti musawafunse n'komwe, ndipo mulembe m'pempho kuti simudzawafunsa: mayina a anthu, dzina la mudzi, masiku enieni, njira yomwe anadzera podutsa malire, amene anamuwolotsa, ndiponso ngati anagwirapo mfuti. Pangano la mayiko la 1951 lokhudza othawa kwawo lili ndi ndime yochotsera chitetezo munthu yemwe pali zifukwa zomveka zomuganizira kuti anachita milandu ikuluikulu ya kunkhondo. Palinso vuto lina. Munthu wodutsa m'zoopsa sakumbukira tsatanetsatane mofanana nthawi zonse, moti lero anganene kuti asilikali anali anayi pomwe kwa akuluakulu oona za othawa kwawo ananena kuti anali asanu ndi mmodzi. Mawu anu ojambulidwa akafika m'manja olakwika, kusiyana kotereku kungaoneke ngati bodza n'kumuwonongera pempho lake lokhala m'dzikomo. Chomwe simunachijambule palibe angakulandeni.

Gawo 3: Kupeza anthu ndi kupempha chilolezo

Chiopsezo chachikulu apa ndi chiyembekezo. Malinga ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, othawa kwawo omwe amasamutsidwira ku dziko lachitatu pachaka sakwana mmodzi pa 100 alionse, ndipo anthu odikira zaka zambiri akaona mlendo wa kabuku ndi cholembera amaganiza kuti mwina mwayi uja wafika. Munthu amavomera kufotokoza zomwe sakanafuna kuzikumbukira poganiza kuti nkhani yowawa kwambiri ndiyo ingamutsegulire njira. Chilolezo choperekedwa chifukwa cha maganizo amenewa si chilolezo chenicheni.

Choncho fomu yanu inene mosapita m'mbali, chakumayambiriro kwenikweni: "Ife si a boma, si a UNHCR, ndipo sitipereka chakudya, ndalama kapena malo. Kucheza nafe kapena kukana sikudzasintha chilichonse pa thandizo lomwe mumalandira kapena pa pempho lanu." Zochita zanu zigwirizane ndi mawuwa. Musachezere mu ofesi yomwe anthu amalembetsera, musafike pa galimoto yolembedwa dzina la bungwe logawa thandizo, ndipo atsogoleri a mumsasa kapena ogawa chakudya asakusankhireni anthu, chifukwa n'kovuta kukanira munthu amene amasunga kaundula wa chakudya chako. Njira yabwinoko ndi kulengeza pa misonkhano yomwe ilipo kale, n'kusiya kuti wofuna abwere yekha. Lembaninso kuti munthu adzapatsidwa maola osachepera 24 pakati pa kumva za kafukufuku ndi kuvomera.

Kuti mudziwe ngati munthu wamvetsa, musamufunse kuti "Mwamva?" popeza aliyense amayankha kuti inde. Mufunseni kuti afotokoze m'mawu ake: "Mukakana kucheza nafe, chingachitike n'chiyani pa thandizo lanu?" ndiponso "Ndi nkhani ziti zomwe sitingathe kuzisunga?" Akalephera, fotokozaninso. Akalepheranso kachiwiri, muthokozeni ndipo musapitirize.

Pa nkhani yosaina, pemphani komiti kuti ilole chilolezo cha pakamwa, ndipo mupereke chifukwa. Pepala losainidwa likhoza kukhala chinthu chokhacho cholumikiza dzina la munthu ndi kafukufuku wanu, komanso kwa munthu yemwe anakakamizidwapo kusaina kapena kudinda chala m'manja mwa apolisi, pepala lotere limamubwezera kumene anathawa. Wofufuza alembe yekha nambala ya munthuyo, tsiku, ndi kuti chilolezo chaperekedwa. Chilolezo chojambula mawu chipemphedwe pachokha, kuti wokana makina athe kucheza nanu mukulemba pamanja. Ndipo chilolezo chonse chipemphedwenso pa ulendo wachiwiri.

Ngati mudzapereka kangachepe, kakhale kobwezera nthawi ndi mayendedwe basi, kolingana ndi zomwe komiti ya m'dzikomo imalola, ndipo kaperekedwe ngakhale munthu atasiyira panjira. Mukanena izi poyamba, palibe adzadzikakamize kumaliza nkhani yowawa poopa kutaya ndalamayo.

Gawo 4: Ndondomeko ya zochita munthu akasweka mtima

Iyi ikhale pepala lakelake, tsamba limodzi kapena awiri, loti wofufuza ndi womasulira angalisunge pamtima. Ligawidwe m'magawo atatu malinga ndi zomwe mukuona ndi maso, ndipo gawo lililonse linene zizindikiro, mawu olankhula, wochita, ndi nthawi.

Gawo loyamba ndi chisoni. Munthu akugwetsa misozi, mawu akunjenjemera, akukhala chete kwakanthawi, koma akukuyang'anani ndipo akudziwa komwe ali. Apa ofufuza ambiri amalakwitsa pothamangira kuzimitsa makina n'kutseka nkhani. Kulira pokumbukira mwana yemwe anamwalira si ngozi, ndipo kumudula munthu kumamuuza kuti nkhani yake ndi yosayenera kumvedwa. Kafukufuku wambiri wasonyeza kuti ambiri mwa omwe amafunsidwa mwaulemu za zoopsa amamva kuwawa kwakanthawi koma sanong'oneza bondo kuti analankhula. Choncho lembani kuti mudzakhala chete, mudzapereka madzi, kenako mudzati: "Palibe changu, mayi. Tingapume, tingalumphe funso limeneli, kapena tingalekere pomwepa. Mukufuna titani?" Mwini nkhani ndiye asankhe.

Gawo lachiwiri ndi pomwe munthu wayamba kuchoka m'chipindamo ngakhale thupi lili pampando. Maso angoti tong'o pamalo amodzi, sakuyankha mukamuitana, akupuma mwaphuma, akutuluka thukuta, akubisa mutu, kapena wayamba kufotokoza za kale ngati zikuchitika pano: "akubwera, ali pakhomo." Apa wosankha salinso iye koma inu. Mafunso aleke, makina azimitsidwe iye akuona, ndipo ntchito ikhale yomubwezera ku lero.

Tiyerekeze kuti zachitika kwa mayi yemwe m'mabuku anu ndi P07, pa mphindi 40 za ulendo woyamba. Anafunsidwa za amene anamuthandiza, iye n'kuyamba kufotokoza usiku womwe mwamuna wake anatengedwa, ndipo mwadzidzidzi wagwira m'mphepete mwa mpando, maso ali pachitseko. Wofufuza akuzimitsa makina n'kuwaika patebulo. Akulankhula motsitsa mawu, ziganizo zifupizifupi, womasulira akubwereza ndi liwu lomwelo: "Mayi, tasiya mafunso. Lero ndi Lachiwiri, muli m'chipinda chino ndi ife awiri. Pondani pansi ndi mapazi onse. Tandiuzani zinthu zisanu zomwe mukuziona muno." Palibe akumugwira dzanja kapena phewa asanapemphe, popeza kwa munthu yemwe anamenyedwa kapena kugwiriridwa, kukhudzidwa mwadzidzidzi kumawonjezera mantha. Palibenso waima pakati pa iye ndi chitseko. Mayi akutchula zenera, botolo la madzi, nsapato za womasulira, ndipo mpweya ukuyamba kutsika. Akupuma limodzi, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kuposa pokoka.

Ndondomeko inene chotsatira. Pakatha mphindi 15 munthu akadali chomwecho, womasulira ayimbire mlangizi pomwe wofufuza akhala naye. Akabwerera bwinobwino, tsiku limenelo kucheza kwatha ngakhale iye atapempha kupitiriza. Mufunseni amene ali kunyumba, ngati akufuna womuperekeza, ndiponso ngati angafune kuonana ndi mlangizi lero lomwe. Kenako mugwirizane mmene mudzamuonerenso pasanathe maola 48. Njirayo asankhe yekha, chifukwa foni yomwe wakupatsani ingakhale ya mlamu wake, ndipo mlendo wofika pakhomo amadzutsa mafunso kwa oyandikana nawo. Mufunseninso ngati akufuna kuti zomwe zajambulidwa kale zisungidwe kapena zifufutidwe.

Gawo lachitatu ndi ngozi ya moyo: munthu wanena zofuna kudzipha, zofuna kuvulaza wina, kapena kuti iye kaya mwana akuchitidwa nkhanza pakadali pano. Mawu ngati "bola ndikanafa nawo limodzi" asangodutsa. Funsani mwachindunji, popeza kufunsa za kudzipha sikuika maganizowo mwa munthu: "Kodi mwakhala mukuganiza zodzipha? Mwaganizapo njira yake? Zomwe mungagwiritse ntchito muli nazo pafupi? Munayesapo kale?" Ngati maganizo alipo koma njira palibe, atumizidwe kwa mlangizi tsiku lomwelo. Ngati njira ilipo ndipo zipangizo zili pafupi, asasiyidwe yekha ngakhale mphindi imodzi mpaka atafika m'manja mwa wachipatala, ndipo pepala lanu litchule udindo wa munthu woyimbiridwa, wachiwiri wake woyamba akapanda kuyankha, ndi mayendedwe.

Onjezani mfundo yoimitsira kafukufuku yense. Mwachitsanzo, anthu awiri akafika gawo lachitatu, kapena atatu mwa anthu 10 oyamba akafika gawo lachiwiri pa funso limodzimodzi, ntchito iyambe yaima, muunikenso mafunso ndi kudziwitsa komiti. Manambalawa mumasankha nokha, koma asankhidwe pasadakhale, chifukwa mukakhala kumalo ndalama zikutha, mtima umafuna kupitiriza. Lembaninso kuti chochitika chilichonse cha gawo lachitatu chidzanenedwa ku komiti m'nthawi yomwe malamulo ake amafuna, pogwiritsa ntchito nambala osati dzina.

Komiti idzafunsa za maphunziro a ochita zimenezi. Buku la chithandizo choyamba cha zamaganizo lomwe WHO inatulutsa ndi mabungwe anzake mu 2011, lozikidwa pa kuyang'ana, kumvetsera ndi kulumikiza munthu ku thandizo, ndi poyambira pabwino. Nenani tsiku lomwe wofufuza ndi womasulira adzaphunzire ndi kuyeserera magawo atatuwa limodzi. Wofufuza akhale wofufuza: ngakhale ali ndi maphunziro a uphungu, sayamba kuchiza munthu yemwe akumufunsa mafunso.

Gawo 5: Chinsinsi ndi malire ake

Musalembe kuti "palibe adzadziwe". M'mayiko ambiri wofufuza alibe chitetezo cha lamulo ngati chomwe loya ali nacho pa zokamba za kasitomala wake, ndipo khoti lingalamule kuti apereke zomwe wasunga. Zinachitikapo pa Boston College ku America, komwe anthu omwe anamenya nawo nkhondo ya ku Northern Ireland anajambulidwa atalonjezedwa kuti mawu awo sadzatuluka iwo ali moyo. Kuyambira mu 2011 apolisi anafuna matepiwo kudzera m'makhoti, ndipo ena mwa iwo anaperekedwa. Choncho fomu yanu itchule malire momveka: ngozi ya moyo wa munthuyo kapena wa wina, nkhanza kwa mwana, ndi lamulo la khoti. Fufuzani zomwe malamulo a dziko lomwe mukugwiramo ntchito amakakamiza kuulula, popeza zimasiyana, ndipo mabungwe ogwira ntchito mumsasa angakhale ndi malamulo awoawo, makamaka pa nkhanza zochitidwa ndi ogwira ntchito zothandiza anthu. Malirewa anenedwe makina asanayatsidwe, kuti munthu asankhe yekha zoti anene. Tsiku loti muulule likafika, yambani mwamuuza iye amene mukukamuuza ndi chifukwa chake. Kunja kwa malire amenewa, mayi wamkulu yemwe anagwiriridwa kale ndiye amasankha ngati nkhani yake ipite kupolisi kapena kuchipatala.

Pomwe chinsinsi chimathawira kawirikawiri si pa kompyuta koma pa womasulira. Womasulira wochokera mumsasa momwemo amadziwa chinenero bwino, koma mawa adzakumana ndi P07 potunga madzi, mwina ndi wa fuko lomwe mayiyo amaliopa, ndipo atsogoleri angamupanikize kuti anene zomwe wamva. Ngati n'kotheka, lembani ntchito munthu wokhala kunja kwa msasa. Ngati sizingatheke, lembani kuti wofunsidwa adzauzidwa dzina la womasulira tsiku lisanafike, ndi inu nokha kapena kudzera mwa munthu wina, ndipo angamukane osapereka chifukwa. Izi zikutanthauza kuti mukhale ndi omasulira awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Wachibale, makamaka mwana, asamasulire. Womasulira aliyense, ndi aliyense wotayipa mawu, asaine pangano la chinsinsi, ndipo mapepala omwe walembapo pocheza awasiye m'chipindamo.

Malo nawonso amaulula. Chipinda cha malata kapena tenti chimatulutsa mawu, ndiye yesani nokha: mmodzi alankhule mkati, wina aime panja amvetsere. Ngati msasa wonse ukudziwa kuti olowa pakhomo ilo ndi ogwiriridwa, chinsinsi chatha munthu asanatsegule pakamwa. N'chifukwa chake pagulu kafukufuku atchulidwe ndi dzina wamba, monga kafukufuku wa za umoyo ndi thandizo, ndipo tsatanetsatane afotokozedwe kwa munthu payekha popempha chilolezo. Konzaninso nkhani yosinthira wina akalowa mwadzidzidzi, ndipo mugwirizane ndi wofunsidwa poyambirira.

Za mafayilo, fotokozani ulendo wawo wonse motsatana. Jambulani ndi makina osalumikizidwa ku intaneti, osati foni, popeza mafoni ambiri amakweza mafayilo okha ku intaneti ndipo amatha kulandidwa pa chipata kapena pamalire. Dzina la munthu lisatchulidwe makina akuyaka. Madzulo a tsiku lomwelo, mawu asamutsidwire pa laputopu yokhomedwa yonse ndi pasiwedi, atsekedwe mu fayilo yobisika, kenako afufutidwe pa makina. Pa pulogalamu ya 7-Zip, lamulo ili limabisa zamkati ndi mayina a mafayilo omwe:

```
7z a -p -mhe=on P07.7z P07_1.wav
```

Pepala lolumikiza nambala ndi dzina lisungidwe padera, kwa munthu mmodzi kapena awiri otchulidwa m'pempho. M'chitsanzo chathu pepalali likufunika chifukwa cha ulendo wachiwiri, ndiye lembani tsiku loliwononga, ndipo anthu auzidwe kuti tsikulo likadutsa sadzathanso kuchotsa mawu awo popeza simudzadziwa kuti ndi ati. Mawu ojambulidwa afufutidwe zotayipa zikatsimikizidwa, chifukwa liwu la munthu ndi chizindikiro ngati nkhope. Mafayilo asatumizidwe pa WhatsApp kapena pa imelo wamba, ndipo asakwezedwe ku mapulogalamu a pa intaneti otayipa kapena omasulira mawu popanda chilolezo cha komiti. Ngati opereka ndalama amafuna kuti zotsatira zonse ziikidwe poyera kuti ena azigwiritse ntchito, pemphani kuti zotayipa zanu zisaikidwe, ndipo nenani chifukwa.

Kuchotsa dzina sikukwanira polemba lipoti. "Mzamba wa zaka 43, wa ana asanu ndi mmodzi, yemwe anataya mwendo" alibe dzina, koma mumsasamo aliyense amudziwa, ndipo lipoti likafika pa intaneti, omwe anamuthamangitsa kwawo angamudziwenso. Lembani kuti zaka zidzaikidwa m'magulu, ntchito zosowa zidzabisidwa, ndipo zilema ndi zipsera sizidzatchulidwa. Mzamba uja akhala "mayi wa zaka za m'ma 40". Ena amapempha kuti dzina lawo lenileni lilembedwe kuti dziko limve. Pempholi n'lolemekezeka, koma nkhani yawo imakhudzanso abale omwe anatsala kwawo ndipo sanafunsidwe, ndiye ganiziranitu yankho lanu ndi kulilemba.

Gawo 6: Omvetsera nawonso

Womasulira amamva nkhani iliyonse ndi kuibwereza ndi pakamwa pake, akunena kuti "ine", ndipo mwina anadutsa m'zofananazo. Lembani malire a anthu awiri patsiku, masiku opuma, ndi mlangizi yemwe ogwira ntchito angamuone mwachinsinsi. Pakutha pa tsiku mufunsane mmene muliri, koma pasakhale kukakamizana kufotokozanso zoopsa zonse, chifukwa WHO silimbikitsa njira yotereyi. Womasulira akayamba kufupikitsa mayankho aatali, kusowa tulo kapena kupsa mtima msanga, apume.

Gawo 7: Kusonkhanitsa ndi kutumiza

Chikalata cha Helsinki cha mfundo zoteteza anthu pa kafukufuku wa zaumoyo, chomwe chinalembedwa mu 1964 ndipo chinakonzedwanso mu 2024, chimafuna kuti komiti ivomereze kafukufuku asanayambe, ndipo kucheza koyeserera ndi othawa kwawo enieni ndi kafukufuku kale. Ngati sukulu kapena bungwe lanu lili m'dziko lina, mufunika chivomerezo cha komiti yakwanu ndi cha komiti ya m'dziko lomwe muli msasawo. Chilolezo cholowera mumsasa chochokera ku boma ndi chinthu china, sichilowa m'malo mwa ziwirizi, ndipo mukamachipempha musalonjeze kupereka mayina kapena zotayipa.

Ku fomu ya komiti phatikizani mafunso, fomu ya chilolezo, ndondomeko ya gawo 4, ndondomeko ya mafayilo, pangano la omasulira, ndi kalata ya opereka chithandizo. Zonse zomwe wofunsidwa adzamve zikhale m'chinenero chake, ndipo munthu wina yemwe sanaone choyambirira azimasulire mobwezera kuti muone pomwe tanthauzo lasokonekera. Mawu oti "kafukufuku" m'zinenero zina amamveka ngati kufufuza kwa apolisi, ndipo zoterezi zimagwidwa pa kumasulira kobwezeraku.

Musanatumize, yalani mapepala onse n'kufananiza manambala. Ngati fomu ya komiti ikuti mawu adzafufutidwa pakatha miyezi itatu pomwe fomu ya chilolezo ikuti chaka, pempho lidzabwerera. Makomiti ambiri amakumana kamodzi pamwezi ndipo kawirikawiri amabweza mafunso ulendo woyamba, choncho siyani miyezi iwiri kapena itatu musanagule matikiti. Poyankha, tengani funso lililonse palokha, munene chomwe mwasintha ndi tsamba lake. Chivomerezo chikabwera, yang'anani tsiku lomwe chidzathe mphamvu, ndipo mukadzasintha womasulira, malo ochezera kapena funso lililonse, lemberani komiti kaye kusinthako kusanachitike.